Ndondomeko ya Chakudya cha Achimwene: Kukulitsa Minofu Popanda Mkaka Wowawitsa M'mimba

Achimwene, ndondomekoyi ndailemba potengera kulemera kwanu kwa makilogalamu 70, ntchito yanu ya m'nyumba yosungira katundu ku City Deep, ndiponso masiku atatu amene mumapita ku jimu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Kuti minofu ikule, munthu wonyamula zitsulo amafunika magalamu 1.6 a mapuloteni kapena kuposerapo pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, choncho inu muzifika pa magalamu 120 patsiku. Kashiamu, amene amalimbitsa mafupa ndi kuthandiza minofu kugwira ntchito, munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 1,000 patsiku.

Chimene chimakutsekulani m'mimba ndi kukudzazani mpweya si mkaka wonse ayi, koma shuga wake wotchedwa lakitozi, amene matumbo anu amalephera kugaya chifukwa amapanga lakitezi wochepa, chinthu chimene chimagaya shuga ameneyu. N'chifukwa chake sindinachotse zakudya zonse zochokera ku mkaka monga munachitira inu chaka chatha, zimene ndikuona kuti zinakumanitsani kashiamu popanda chifukwa chokwanira.

M'mawa, musanakwere takisi, muzidya phala la otsi lophikidwa ndi kapu imodzi ya mkaka wopanda lakitozi, mutathiramo supuni ya chiponde, pamodzi ndi mazira awiri owiritsa. Mkaka umenewu umapezeka m'masitolo akuluakulu a kuno ku Johannesburg, ndipo kapu ya mamililita 250 ili ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 300, chimodzimodzi ndi mkaka wamba. Chakudya chonsechi chikupatsani mapuloteni oyandikira magalamu 30.

Masana ndi pamene pagona ndondomeko yonse. Muzitenga nsima ndi theka la chitini chachikulu cha nsomba, chija cha magalamu 400, ndipo minga yake musamaitaye, pakuti ndi yofewa ndipo m'menemo ndi mmene muli kashiamu, woposa mamiligalamu 400 pa thekalo. Tsiku limene mabasi ochokera kumudzi abwera ndi usipa kapena matemba, kapena mwawapeza pa msika wa Yeoville, idyani zimenezo m'malo mwa za m'chitini ndipo muzidya ndi mitu yomwe monga tinkachitira kwathu, mutaviika kaye m'madzi kuti mchenga uchoke. Ndiwo zamasamba zikhale repu, mpiru kapena tchainizi, zotendera ndi nsinjiro ngati mpata ulipo. Sipinachi, amene anthu kuno amamutama kwambiri, ali ndi kashiamu ndithu, koma alinso ndi okizaleti amene amamumanga kotero kuti thupi limatengapo wochepa chabe. Mudyeni chifukwa cha ubwino wake wina, osati kumuwerengera pa mafupa. Nsima nayonso musaiwerengere, chifukwa ngakhale ufa wa m'dziko lino umawonjezeredwa mavitamini, ayironi ndi zinki, kashiamu sali m'gulu la zowonjezerazo.

Mukatuluka ku jimu muzidya masilayisi awiri a buledi ndi magalamu 30 a tchizi wouma monga tcheda kapena gauda, n'kumwera kapu ina ya mkaka uja. Tchizi wotere amatsala ndi lakitozi wochepa kwambiri pokonzedwa, ndipo kachidutswa kameneka kali ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 200 ndi mapuloteni magalamu 7. Masiku osapita ku jimu musadumphe chakudya ichi, popeza minofu imamangika pa nthawi yopuma. Ufa wa mapuloteni umene anzanu amagula suli wofunika pa ndondomekoyi, koma mukaufuna sankhani wa soya kapena wa aisoleti, womwe ndi wochokera ku mkaka koma wosefedwa kwambiri, chifukwa wa konsentireti, wosasefedwa kwambiri, umakhala ndi lakitozi wambiri.

Madzulo muzidya mpunga kapena mbatata ndi chidali cha nkhuku chokula ngati chikhatho chanu, ndiponso theka la kapu ya nyemba, zimene pamodzi zimafika magalamu 40 a mapuloteni. Pakati pa mwezi ndalama zikachepa, nyama ya soya ndi mazira atatu zilowe m'malo mwa nkhuku.

Za amasi, amene ife timati chambiko, ndikupemphani muyese mosamala. Kusasa kumachepetsa lakitozi koma sikumuthetsa, choncho muyambe ndi kota ya kapu Loweruka muli pakhomo, mutadya kale chakudya china, ndipo muwonjezere pang'onopang'ono ngati m'mimba muli bata.

Mukatsatira zimenezi kashiamu wanu adutsa 1,000 popanda mapiritsi. Pa nthawi yopuma masana muzikhalako padzuwa, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene mumachoka ku Rosettenville kusanache n'kubwerera kutada, chifukwa vitamini D, amene thupi limapanga mukakhala padzuwa, ndi amene amathandiza matumbo kuyamwa kashiamu. Muzidziyeza pa sikelo Lamlungu lililonse m'mawa. Pakatha masabata atatu osawonjezera kulemera, muwonjezere mtanda umodzi wa nsima masana ndi nthochi ndi chiponde madzulo. M'mimba mukapitiriza kuwawa ngakhale mwasiya mkaka wamba, mupite ku chipatala akakuyezeni, chifukwa vutolo likhoza kukhala lina.