Mutu 4: Zotsatira za Kafukufuku wa Maola Ogona ndi Malikisi a Mayeso

Ophunzira 84 a chaka choyamba ndiwo anayankha mafunso onse. Aliyense analemba maola amene ankagona usiku uliwonse m'masabata awiri mayeso asanayambe, ndipo maolawo ndinawayerekeza ndi malikisi amene anapeza pa mayeso a masamu.

Zapezeka kuti ziwirizi zikuyendera limodzi: ambiri mwa amene anati ankagona mokwanira anapeza malikisi okwererapo (r = 0.34, p < 0.05). Muyeso wa r umenewu, wotchedwa wa Pearson, umasonyeza mphamvu ya mgwirizano wa zinthu ziwiri ndipo umayambira pa -1 kulekezera pa 1, choncho mgwirizanowu ulipo ndithu koma si wamphamvu. Pa chithunzi cha timadontho, timadonthoto tapendekera m'mwamba koma tamwazikana. Alipo ena ogona maola ochepa amene anakhoza bwino kwambiri, aliponso ogona mokwanira amene analephera.

Apa ndiyenera kunena mosapita m'mbali kuti manambalawa sakutsimikiza zoti kugona ndiko kumakweza malikisi. Palibe amene ndinamuuza kuti agone maola akutiakuti. Ndinangofunsa zimene aliyense ankachita kale, kamodzi kokha, mayeso atatha. Kuti tinene kuti ichi chachititsa icho, pakanafunika kugawa ophunzira m'magulu mwa maere, ndipo kafukufukuyu sanatero. Ngakhale p yochepera 0.05 ikungotiuza kuti mgwirizano wotere sukanaoneka kawirikawiri pakanakhala kuti palibe mgwirizano uliwonse. Za chimene chayambitsa chinzake, siikunenapo kanthu.

N'kutheka kuti nkhaniyi ikuyenda chobwerera. Wophunzira amene masamu akumuvuta kuyambira pachiyambi cha teremu ndi amene amachezera usiku kuwerenga, mwina tulo osabwera n'komwe chifukwa cha nkhawa. Zikatero, kuvutika ndi phunziro ndiko kwam'landa tulo. Mu 1965 Austin Bradford Hill, katswiri wa ku Britain wa kafukufuku wa zoyambitsa matenda, anatsindika kuti choyambitsa chiyenera kubwera patsogolo pa chotsatira chake. Kugona kumene ndinayesa kunalidi patsogolo pa mayeso, koma sikunali patsogolo pa kumva kapena kusamva phunzirolo.

Palinso chinthu chachitatu chimene chingakoke zonse ziwiri. Ophunzira ena amagwira ntchito madzulo, ndipo ntchitoyo imadya nthawi ya tulo pamodzi ndi yowerenga. Nditawachotsa n'kuwerengeranso otsalawo, mgwirizano unachepa koma sunatheretu. Kuchepako kukusonyeza kuti ntchito ya madzulo ikhoza kukhala ndi mbali yake. Koma otsalawo ndi gulu laling'ono, ndipo za umoyo wawo, phokoso la kumene amagona ndi malikisi awo akale sindinawafunse. Maolanso anachokera m'kukumbukira kwa eni ake, ndipo munthu wodziwa kuti mayeso sanamuyendere akhoza kukumbukira usiku wake moipirapo.

N'chifukwa chake m'mutu uno ndalemba kuti maola ogona “akugwirizana” ndi malikisi, ndipo mawu oti “akukweza” kapena “akuchititsa” ndawapewa dala. Zoti tulo tingathandize bwanji munthu kukumbukira zimene wawerenga ndazikamba m'Mutu 5, pamodzi ndi mtundu wa kafukufuku amene angayese zimenezo mwachindunji.