Musaope, Ndipo Musalozane Zala

Abale ndi alongo mwa Ambuye kuno ku Salima, ndikudziwa kuti ena simugona kadzidzi akalira padenga. Yesaya 41:10 akuti tisaope, chifukwa Mulungu ali nafe. Mwapemphera, gonani mumtendere.

Koma ndikudandaula nanu. Mwana akatentha thupi, ena mumathamangira kuloza agogo ake kuti amulodza. Abale, tili m'mbali mwa nyanja, udzudzu ndi wochuluka. Malungo amenewo! Pitani naye kuchipatala msanga akamuyeze magazi. Gogo mukumutcha mfitiyo ndi amene anakubelekani kumsana, lero mukufuna kumugenda miyala ndi kumuotchera nyumba? Eksodo 20:16 akuletsa kunamizira mnzako. Ngakhale lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti.

Amene munanyoza nkhalamba, kapepeseni lero lomwe musanadye nsima. Tiyeni tiimirire tipemphere.