Pempho lokambirana za malikisi a Tadala pa phunziro la masamu

Kwa Aphunzitsi a masamu a Fomu 2B,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino ndiponso kuti ntchito ikuyenda. Ine ndine mayi ake a Tadala, mtsikana amene mumamuphunzitsa masamu m'kalasi mwanu, ndipo ndalemba kalatayi nditaona lipoti la teremu yachiwiri limene anabwera nalo Lachisanu lapitali.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi kutsika kwa malikisi ake. Chaka chatha anamaliza Fomu 1 ndi malikisi 74 pa 100, teremu yoyamba ya chaka chino anapeza 68, koma tsopano wapeza 41. Maphunziro ena onse sanasinthe kwenikweni, n'chifukwa chake ndikuganiza kuti vutoli lili pa masamu penipeni, osati kuti mwanayu wangotayirira sukulu. Ndinene poyambirira kuti sindikuloza chala munthu aliyense. Ndikungofuna kumvetsa pamene zinthu zinayambira kupotoka, ndipo inu amene mumamuona m'kalasi tsiku ndi tsiku mukudziwa zambiri zimene ine sindingazione ndili kunyumba.

Loweruka madzulo ndinakhala naye pansi n'kuyang'ana pepala la mayeso limodzi ndi kope lake. Masamu a manambala okhaokha, monga a mapelesenti, anakhoza pafupifupi onse. Mavuto akuyamba pamene zilembo zalowa m'masamu. Mwachitsanzo, pa funso lachinayi munawapatsa 3x + 5 = 20, ndipo iye pa mzere wotsatira analemba 3x = 25. Zikuoneka kuti anaoloketsa 5 uja kupita naye mbali inayo osasintha chizindikiro, m'malo mochotsa 5 mbali zonse ziwiri kuti atsale ndi 3x = 15. Kulakwitsa komweku ndakupeza kanayi m'pepalamo, ndiponso m'kope mwake muli malo angapo amene munalembapo ndi cholembera chofiira kuti asamale zizindikiro. Nditamufunsa chifukwa chake nambala imasintha chizindikiro ikaoloka, anangoyankha kuti ndi lamulo, zimene zikundipangitsa kuganiza kuti analoweza njira koma sanamvetse tanthauzo lake. Pamenepa mwina ndikulakwitsa, popeza ine masamu otere ndinawasiya kalekale.

Chinanso n'chakuti mafunso awiri omaliza sanawayambe n'komwe. Iye akuti nthawi inamuthera chifukwa ankafufuta ndi kubwereza mafunso oyambirira, ndipo pepalalo likuchitiradi umboni, pakuti pena lachita kubooka ndi labala. Wandiuzanso kuti m'kalasi amachita manyazi kukweza dzanja akapanda kumva, poopa kuti anzake amuseka. Sindikudziwa ngati inunso mwaona zimenezi, kapena ngati pali zina zokhudza khalidwe lake, malo amene amakhala kapena anzake ocheza nawo zimene ndiyenera kuzidziwa. Chonde musandibisire, ngakhale zitakhala zosasangalatsa kumva.

Kumbali yanga, ndivomere kuti teremu yapitayi sindinkayang'ana makope ake pafupipafupi monga ndinkachitira kale, chifukwa ndinasinthidwa nthawi yowerukira kuntchito. Komanso Tadala anajomba masiku asanu ndi limodzi atadwala, ndipo n'kutheka kuti mutu umenewu munauyamba masiku omwewo. Ngati ndi choncho, ndingakondwe mutandiuza mitu imene inamudutsa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndikupempha kuti mukaonenso mukapeza mpata. Nditaphatikiza malikisi olembedwa m'mbali mwa funso lililonse, ndinapeza 46, pamene pamwamba pa pepala palembedwa 41. Mwina pali malikisi amene munachotsa pa chifukwa china chimene ine sindikuchidziwa, ndipo ngakhale atakhala 46, nkhawa yanga ikhalabe yomweyo. Ndangoti nditchule kuti zolembedwa zikhale zolondola.

Ngati n'kotheka, ndikupempha kuti tikumane kwa mphindi 20 zokha sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi. Ine ndimapezeka Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 3 koloko masana, koma ngati masiku amenewa simungathe, ndiuzeni tsiku limene lingakuyendereni bwino ndipo ndidzapempha chilolezo kuntchito. Tingathenso kulankhulana pa foni. Ndikufuna kumva maganizo anu pa zimene ndingamamuthandize kunyumba popanda kumusokoneza ndi njira zosiyana ndi zanu, ndiponso ngati mukuona kuti n'koyenera kuti Tadalayo adzakhalepo pa zokambiranazo. Ndidzabwera ndi pepala la mayeso lija pamodzi ndi kope lake.

Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito imene mukugwira pophunzitsa ana athu, komanso chifukwa chopatula nthawi yowerenga kalatayi. Ndidikira yankho lanu.

Ine wanu,
Mayi ake a Tadala