CHOWONJEZERA CHOYAMBA PA WILO YANGA

Ine Lekitala Chimbalanga, wa ku Golomoti, kwa Inkosi Kachindamoto, m'boma la Dedza, ndikulemba chikalatachi lero pa 14 Marichi 2025, mutu wanga ukugwira bwino ndipo popanda wondikakamiza. Chiwerengedwe pamodzi ndi wilo yanga ya pa 9 Ogasiti 2019.

1. Ndikufafaniza ndime 5 yokha ya wiloyo, imene inapereka chigayo changa cha dizilo cha pa msika wa Golomoti kwa mlongo wanga Esinati, amene anatisiya mu Novembala 2024.

2. M'malo mwake muwerengedwe motere: chigayocho ndikuchipereka kwa Tamandani, mwana wamkazi wa malemu mlongo wangayo. Ndikati chigayo ndikunena injini, makina ogayira ndi okonolera, malamba, masefa, sikelo, migolo iwiri ya mafuta ndi chisakasa cha malata. Malo amene chaimapo sali m'mphatsoyi, chifukwa ndimachita lendi. Iye adzapangana yekha ndi eni ake.

3. Tamandani ali ndi zaka 15. Ndikamwalira asanakwanitse zaka 18, mkazi wanga Agnesi, amene wilo inamuika kukhala woyendetsa chuma changa, adzamusungire chigayocho. Pa ndalama zolowa azichotsa za dizilo, zokonzetsera ndi malipiro a wogayitsa, zotsala zipite ku fizi ndi zofunika za mwanayu, ndipo zonse zizilembedwa m'kaundula. Asachigulitse, ngakhale achibale atamuumiriza chotani. Mwanayu ndikufuna amalize sukulu.

4. Chigayocho chikadzakhala kuti ndinagulitsa kapena chinatheratu ine ndisanamwalire, Tamandani asatuluke chimanjamanja: adzalandire K4,000,000 kuchokera pa chuma chotsala, ngongole zanga ndi za maliro zitalipidwa. Akatsogola iye, mphatsoyi ibwerere ku chuma chotsala cha m'ndime 8 ya wiloyo.

5. Zina zonse za m'wilo yanga, nyumba, ng'ombe ndi ndalama za kubanki, zikhale monga ndinalembera, ndipo ndikuzitsimikiza. Pa pepala la wiloyo sindinakhwatchepo kapena kulembapo kanthu. Mukadzapeza pokhwatchidwa, si dzanja langa. Pamene mawu a wilo ndi a chikalatachi asemphana, atsatidwe a chikalatachi. Chisungidwe mu envelopu imodzi ndi wiloyo kwa loya wanga ku Lilongwe, kuti wina asadzagawe chuma ataona chikalata chimodzi chokha.

Wasaina: Lekitala Chimbalanga, pa 14 Marichi 2025

UMBONI

Ife awiri tinalipo nthawi imodzi pamene a Chimbalanga amawerenga chikalatachi mokweza ndi kusaina, ndipo nafenso tasaina iwo akuona, ifenso tikuonana. Tonse tinapitirira zaka 18. Palibe mwa ife, ngakhale mwamuna kapena mkazi wa mmodzi wa ife, amene akulandirapo kanthu m'wiloyo kapena m'chikalatachi.

Wasaina: Flora Mbewe, mphunzitsi, Golomoti
Wasaina: Dalitso Kachingwe, telala, Mtakataka