Kalata yokuitanani ku bwalo lomva mlandu wa pantchito

Yachinsinsi
Kuchokera ku: Ofesi yoona za ogwira ntchito, depoti ya Kanengo, Lilongwe
Kupita kwa: Bambo Lameki Chimphamba, dalaivala wa lole, nambala ya pantchito 0417
Tsiku: Lachinayi, 12 Juni 2025

Bambo Chimphamba,

Mukuitanidwa kudzaonekera pamaso pa bwalo la kampani lomva milandu ya ogwira ntchito Lachisanu, pa 20 Juni 2025, nthawi ya 9 koloko m'mawa, m'chipinda chochitira misonkhano chomwe chili pamwamba pa ofesi ya zamtengatenga kuno ku depoti. Mufike 8:45 kuti alonda a pageti akulembeni, popeza chiphaso chanu cholowera chidakali ku ofesi kuno.

Kalatayi si chigamulo. Palibe amene wakupezani olakwa, ndipo bwalo likukumana kuti limve mbali yanu. Lamulo la za Ntchito la chaka cha 2000, gawo 57 ndime 2, likuletsa kuchotsa munthu ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Mpata umenewo ndi uno, ndipo tikukupemphani kuti muugwiritse ntchito mokwanira. Kuimitsidwa kwanu kwa pa 9 Juni si chilango: malipiro anu a mwezi uno mulandira athunthu pa tsiku lake.

Milandu yomwe mukuyankha

Milandu yonse itatu ikukhudza ulendo wa pa 3 mpaka 5 Juni 2025, pamene munayendetsa lole ya kampani nambala 14 kuchoka ku Kanengo kupita ku Mzuzu ndi matumba 600 a simenti, n'kubwerera yopanda katundu.

Mlandu woyamba: kusowa kwa dizilo wa kampani. Pa 3 Juni m'mawa thanki ya loleyi inadzazidwa pa pampu ya depoti, malita 400, ndipo munasainira. Pobwera pa 5 Juni, mlonda ndi kalaliki wa mafuta anaviika ndodo yoyezera inu muli pomwepo, napeza malita 35. Ndiye kuti ulendowu unadya malita 365 pa mtunda wa makilomita 726. Pa maulendo 6 apitawo a njira yomweyi, ndi katundu wolemera chimodzimodzi, loleyi inkadya pakati pa malita 280 ndi 300. Ngakhale titatenga chiwerengero chachikulucho, malita 65 sakuoneka komwe anapita. Chipangizo cholondolera galimoto, chija madalaivala mumati thiraka, chikusonyeza kuti usiku wa pa 4 Juni, pakati pa 9:10 ndi 9:30, mafuta anatsika ndi malita pafupifupi 60 loleyo itaima, injini ili yozima, pa Nkhamenya. Mukuganiziridwa kuti munapopa mafutawo kapena munalola wina kuwapopa, zomwe ndi kuphwanya ndime 8.3 ya malamulo a khalidwe a kampani, yonena za kusakhulupirika pa katundu wa kampani.

Pa mlandu umenewu tifotokozeko pang'ono, chifukwa ndi wolemera kuposa inayo ndipo manambala paokha amatha kunamiza. Mafuta amatha kuchepa popanda wowaba: paipi ikamadontha, majekita akatha, matayala akakhala ndi mpweya wochepa, kapena injini ikasiyidwa ikulira nthawi yaitali. Nakonso kachipangizo koyeza mafuta m'thanki kamawerenga molakwika galimoto ikaima pa chitsetso, chifukwa mafuta amapendekera mbali imodzi. Pa 6 Juni makaniko wamkulu anayendera loleyi. Lipoti lake likuti sanapeze podontha, majekita ali bwino, koma chidindo cha pulasitiki cha pa chivindikiro cha thanki chinali chodulidwa n'kulumikizidwanso ndi waya. Ngati pali china chimene mukudziwa pa zimenezi, monga pamene munaimika loleyo, amene anaiyandikira, kapena vuto limene munalinenapo kale ku galaja, bwalo likufuna kuchimva.

Mlandu wachiwiri: kunyamula matola. Akuti pa 4 Juni madzulo munakweza anthu anayi ndi matumba awo pa Jenda, pa msewu wa M1, n'kuwalipiritsa. Ndime 11.1 ikuletsa kukweza munthu aliyense amene dzina lake silili pa chikalata cha ulendo. Chifukwa chake mukuchidziwa: inshulansi ya loleyi siteteza anthu otere, ndipo ngozi itachitika mlandu ungagwere inu ndi kampani.

Mlandu wachitatu: kulemba zosaona m'logibuku. Pa tsamba la pa 4 Juni munalemba kuti munafika pa malo ogona ovomerezeka a ku Kasungu 5:40 madzulo ndipo munagona pomwepo. Thiraka ikusonyeza kuti loleyo inagona pa Nkhamenya ndipo inadutsa pa Kasungu mawa lake cha m'ma 6:50 m'mawa. Buku la mlonda wa ku Kasungu nalonso mulibe loleyi usiku umenewo. Izi zikukhudza ndime 8.5.

Palibe mlandu wina umene udzakambidwe kupatula itatuyi. Wina akadzayambitsa nkhani yomwe siili m'kalata muno, muli ndi ufulu wokana kuiyankha, ndipo wapampando adzaiimitsa.

Umboni

Pamodzi ndi kalatayi mwalandira masamba 14: chikalata cha ulendo, risiti ya pa pampu, pepala la muyeso wa mafuta la pa 5 Juni, lipoti la thiraka, kaundula wa mafuta wa maulendo 6 aja, lipoti la makaniko ndi chithunzi cha chidindo, tsamba la logibuku, tsamba la buku la mlonda wa ku Kasungu, mawu olemba a mboni zitatu, komanso ndime za malamulo zomwe tatchula. Awerengeni masambawo musanasaine. Ngati lina likusowa kapena silikuwerengeka, nenani lero lomwe. Lipoti la thiraka lili ndi mizere ndi manambala ovuta kutsata. Mukafuna, kalaliki wa ofesi ino akhala nanu pansi Lolemba pa 16 Juni, 10 koloko m'mawa, kukulongosolerani mmene limawerengedwera, osakufunsani kanthu za mlanduwu.

Mboni za kampani ndi makaniko wamkulu, kalaliki wa mafuta, ndi wothandizira amene munayenda naye. Onse adzakhalapo ndipo mudzawafunsa mafunso nokha kapena kudzera mwa wokuperekezani.

Ufulu wanu wobwera ndi wokuperekezani

Muli ndi ufulu wobwera ndi munthu mmodzi womusankha nokha: mnzanu wa pantchito kapena nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito. Tikukulimbikitsani kuti musabwere nokha. Munthu ukakhala pa mlandu mtima umathamanga, mfundo yofunika imaiwalika, ndipo pamafunika wina wokukumbutsa.

Wokuperekezaniyo angathe kufotokoza mbali yanu poyamba ndi pomaliza, kufunsa mboni, kulemba zomwe zikukambidwa, ndi kupempha kuti bwalo lipume mphindi zingapo kuti mukambirane panja awiri. Chimene sangachite ndi kuyankha m'malo mwanu funso lokhudza zomwe munaona kapena kuchita pa ulendowu, popeza iye kunalibe. Musasankhe munthu amene ali mboni pa mlanduwu. Wothandizira amene munayenda naye sangakhale wokuperekezani, chifukwa mboni imadikira panja mpaka itaitanidwa. Ngati ndi wa pantchito pano, tsikulo lidzawerengedwa kuti wagwira ntchito, adzapatsidwanso maola awiri mkati mwa sabata kuti mukonzekere limodzi, ndipo palibe bwana aliyense amene aloledwe kumusungira chakukhosi chifukwa chokuimirani. Wina akamuopseza, tiuzeni msanga.

Malamulo athu salola loya kapena wachibale pokhapokha wapampando atavomereza. Ngati muli ndi chifukwa chofunira zimenezo, lembani pempho.

Zofunika kutidziwitsa pofika Lachiwiri, 17 Juni, 4 koloko madzulo

Tipatseni dzina la wokuperekezani, maina a mboni zanu, ndi mapepala alionse omwe mukufuna kuti bwalo liwaone, kaya ndi malisiti, zithunzi, mauthenga a pafoni kapena pepala la ku galaja. Mboni zomwe ndi za pantchito pano tidzazimasula ife, n'chifukwa chake tikufuna maina nthawi ikadalipo: dalaivala amene mukumufuna angakhale atatumizidwa kale ku Blantyre tsikulo tikapanda kudziwa. Zokambirana zidzakhala m'Chichewa. Mukafuna womasulira wa Chitumbuka kapena chiyankhulo china, tidzamupeza. Mukhozanso kulemba yankho lanu n'kulitumiza tsiku lisanafike, koma simukukakamizidwa.

Bwalo ndi kayendetsedwe kake

Wapampando ndi Mayi Esinala Kamwendo, mkulu wa nthambi ya zogulagula. Adzakhala ndi mkulu wa nkhokwe ndi nthumwi imodzi ya ogwira ntchito. Atatuwa sanafufuze nawo nkhaniyi ndipo palibe amene ali bwana wanu wachindunji. Bambo Gilbati Nyirenda, oyang'anira zamtengatenga, ndiwo adzapereke mbali ya kampani, koma sadzakhala nawo pogamula. Ngati muli ndi chifukwa choganizira kuti wina mwa atatuwa sangaweruze mwachilungamo, tilembereni pofika pa 17 Juni pomwepo, tione zomusintha.

Milandu idzawerengedwa umodziumodzi ndipo mudzafunsidwa ngati mukuvomera kapena kukana. Kenako mbali ya kampani idzayankhula, mboni zake zifunsidwe, inu mupereke mbali yanu ndi mboni zanu, ndipo mawu otsiriza adzakhala anu. Mlembi adzalemba zonse, ndipo mudzaziwerenga musanasaine.

Mukalephera kubwera

Mukadwala, bweretsani kapena tumizani pepala la kuchipatala. Pakagwa zovuta kapena wokuperekezani akakhala kuti sapezeka tsikulo, tidziwitseni mwamsanga, ndipo tidzasuntha tsiku kamodzi, osapitirira masiku 5 ogwira ntchito. Mukangokhala osabwera, osanenanso chifukwa, bwalo likhoza kupitiriza ndi umboni umene lili nawo. Sitikufuna kuti zifike pamenepo, chifukwa zimene zinachitika pa Nkhamenya usiku uja amene angazifotokoze bwino ndinu.

Zomwe zingatsatire

Bwalo likapeza kuti umboni ndi wosakwanira, mudzabwerera pa ntchito ndipo nkhaniyi siidzalembedwa m'failo yanu. Likapeza kuti munalakwa, chilango chingakhale chenjezo lolemba, chenjezo lomaliza, kutsitsidwa udindo, kapena kuchotsedwa ntchito. Tikuuzeni mosabisa kuti mlandu woyamba ndi wachitatu ali m'gulu la milandu ikuluikulu yomwe ingachotsetse munthu ntchito popanda notisi, malinga ndi gawo 59 la lamulo lija. Lisanapereke chilango chilichonse, bwalo lidzamva zifukwa zochepetsera chilango, ndipo failo yanu, yomwe ikusonyeza zaka 7 za ntchito popanda chenjezo, idzakhala pa tebulo.

Chigamulo ndi zifukwa zake mudzazilandira m'kalata pasanathe masiku 5 ogwira ntchito. Mukapanda kukhutira, mungachite apilo kwa mkulu wa kampani pasanathe masiku ena 5 ogwira ntchito. Izi sizikuchotserani ufulu wokadandaula ku ofesi ya leba ya boma, komwe dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo limayenera kufika pasanathe miyezi itatu, kapena ku khothi loona milandu ya za ntchito.

Pakadali pano musakambirane za mlanduwu ndi mboni zitatu za kampani, ngakhale pafoni. Ndi wokuperekezani komanso mboni zanu kambiranani momasuka.

Kalatayi yabwera iwiri. Sainani imodzi n'kuibweza kwa mesenjala amene wakubweretserani. Kusaina kukungosonyeza kuti mwalandira kalata ndi masamba 14, osati kuti mwavomera mlandu. Funso lililonse bwerani nalo kwa ine, chipinda nambala 3, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Alonda tawauza kuti azikulowetsani.

Ine wanu,

Mayi Tiyanjane Mbewe
Mkulu woona za ogwira ntchito