Kuika chipale chofewa chomwe chikugwa pa chithunzi cha nyengo yozizira

Malangizo awa ndi a chithunzi cha kanyumba ka matabwa ka pakati pa mitengo ya paini, pomwe pansi ponse payera mbee ndi chipale chofewa koma mumlengalenga simukugwa kanthu. Chithunzicho ndi cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, ndipo ntchitoyi ikuchitikira mu Photoshop. Chipale chenicheni chimagwa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nyumba komanso pamaso penipeni pa kamera, choncho timadontho tofanana msinkhu ponseponse timaoneka ngati fumbi la pagalasi. N'chifukwa chake pafunika maleya atatu, omwe ndi magawo osanjikizana pamwamba pa chithunzi.

Yambani ndi chipale chakutali. Pangani leya yatsopano, muidzaze ndi mtundu wakuda, kenako pitani ku Filter > Noise > Add Noise, musankhe Gaussian ndi Monochromatic, Amount ikhale 150%. Ikaniponso Gaussian Blur ya mapikiselo atatu, ndipo mu Levels mukokere kachizindikiro kakuda kumanja ndi koyera kumanzere mpaka patsale timadontho toyera totalikirana. Mukasintha Blending Mode ya leyayo kukhala Screen, chakuda chonse chizimiririka. Tsitsani Opacity kufika pa 50%, ndipo ndi Layer Mask mufute timadonthoti pa khoma la kanyumba ndi pa mitengo yapafupi, pakuti chogwera kuseri sichingaonekere kutsogolo. Ambiri amadumpha pamenepa, chikhalirecho mpamene pagona kuya konse kwa chithunzi.

Leya yachiwiri muipange mwatsopano m'njira yomweyo m'malo mokopera yoyamba, kuopa kuti timadontho tingabwereze kaimidwe kamodzi. Ikulitseni kufika pa 300% ndi Free Transform. Popeza kanyumba ndi komwe lenzi inalunjika, chipale cha leya imeneyi ndicho chiyenera kuoneka bwino koposa, ndipo chimangofuna Motion Blur yochepa, Angle pa -65 ndi Distance pa 15, kusonyeza kuti kamphepo kakuchikankhira mbali imodzi.

Chipale chapafupi ndi kamera chikhale chachikulu koma chochepa kwambiri. Pangani leya yachitatu m'njira yomweyo, muikulitse kufika pa 800%, muchepetse madontho ndi Levels, muike Motion Blur yolowera komweko koma Distance yokulirapo, kenako Gaussian Blur ya mapikiselo 25 kuti achite chimbuuzi, monga zimakhalira ndi chinthu chilichonse choyandikira lenzi pamene yalunjika patali. Dontho lalikulu likatchinga chitseko kapena zenera, lifuteni.

Potsiriza unikani mtundu. Ngati chithunzi chinajambulidwa madzulo, chipale choyera mopitirira chimaonekeratu kuti n'choikirira, choncho chipatseni kamtundu kobiriwira ngati thambo ndi Color Balance, kupatula timadontho todutsa pa zenera lomwe mukuyaka nyale, tomwe tiyenera kutengako chikasu cha kuwalako.