Dandaulo pa juwisi wosasa m'botolo losatsekula

Chilomoni, Blantyre
21 Okutobala 2024

Kwa Bwana Oyang'anira Ubwino wa Katundu,

Bwana,

Loweruka pa 19 Okutobala ndinagula mabotolo awiri a juwisi wanu wa mango, a lita imodziimodzi, pa golosale ina kuno ku Chilomoni, pa mtengo wa K4,500 botolo limodzi. Ndinagulira alendo amene amabwera pa chinkhoswe cha mphwanga tsiku lotsatira. Nditafika kunyumba ndinawaika mufiriji, ndipo magetsi sanazime usiku umenewo.

Lamulungu masana ndinatsekula botolo loyamba. Kamphete kapulasitiki kapansi pa chitsekero kanali kosaduka, ndinakadula ndekha potsekula. Koma chitsekerocho chitangomasuka panamveka mpweya kuti fyuu, thovu n'kukwera mpaka kukamwa kwa botolo, pomwe juwisi wanuyu si wa gasi. Fungo lake linali losasa ngati thobwa logonetsa masiku anayi. Nditaliunika padzuwa ndinaona masese otuwa atakhazikika pansi, okwera ngati chala chopingasa, ena akuyandama ngati timaulusi. Juwisiyu ndakhala ndikugula kwa zaka zitatu, ndipo nsenga za mango zomwe zimasungunuka ukakhutchumula ndimazidziwa. Izi ndinakhutchumula kangapo, osasungunuka.

Chimene chandipweteka mtima n'chakuti mwana wanga wa zaka zisanu anali ataima pambali ndi kapu m'manja. Akanakhala kuti watsekula yekha, bwenzi atamwa.

Botolo lachiwiri sindinalitsekule. Nalonso lili ndi masese omwewo, ndipo latupa moti likumapendama ukaliimika pa tebulo. Onse awiri alembedwa BB 03/2025 ndi nambala L2 0734 pakhosi, kutanthauza kuti tsiku lake likadali kutali. A pagolosale anakana kundibwezera ndalama, akuti iwo amangogulitsa, olakwa ndi opanga. Pa shelefu pawo patsala mabotolo ena a nambala yomweyi.

Choncho ndikupempha kuti mutume munthu adzatenge botolo losatsekulali mukalipime, ndipo mundiuze polemba chimene mwapeza: kaya juwisiyu sanaphikidwe mokwanira, kaya zitsekero zanu zikulowetsa mpweya. Ngati vuto ndi kasungidwe ka ogulitsa m'nyengo yotenthayi, nanunso muyenera kudziwa. Mundibwezerenso K9,000 yanga. Musanditumizire mabotolo ena m'malo mwa ndalama, pakadali pano mtima sungandilole. Koposa zonse, chotsani m'mashopu mabotolo a nambala imeneyi ana ena asanamwe.

Ndaphatikiza fotokope ya lisiti ndi zithunzi zitatu. Ndidikira yankho lanu pa keyala yomwe ili kuseri kwa envelopu kwa masiku 14. Akadutsa osamva kanthu, botololi ndikalipereka ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe chizindikiro chake chili pa chipepala cha botolo lanu, komanso ndikadandaula ku Competition and Fair Trading Commission.

Ine kasitomala wanu,
Mayi Nabanda